Foni ikumandisinthira mawu, ndiyiletse bwanji?

Funso: Ndinalemba "mawa ndifika", foni yatumiza "mama ndifika", ndiyiletse bwanji?

Choyamba dziwani kiyibodi yomwe mukugwiritsa ntchito, apa ndikunena za Gboard ya pa Android.

1. Tsegulani meseji iliyonse kiyibodi ituluke, dinani ka giya kali pamwamba pake.

2. Lowani pa Text correction, muzimitse Auto-correction. Ka mzere ka mawu oti musankhepo kasiyeni, kamathandiza koma sikasintha kanthu pokhapokha mukadina nokha.

3. Ngati simukufuna kuzimitsiratu, pitani pa Dictionary kenako Personal dictionary, muikemo mawu omwe imakonda kukusinthirani monga "mawa". Chimene chimachitika n'choti kiyibodi ili pa Chingelezi, ndiye mawu achichewa imawaona ngati mwalakwitsa n'kufunafuna ena oyandikana zilembo, "mawa" ndi "mama" akusiyana chilembo chimodzi basi.

4. Ikasintha mawu mukungodina sipesi, dinani batani lofufutira kamodzi pompo, amabwerera omwe munalemba, bola Undo auto-correct on backspace ikhale yoyatsa.

5. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amayang'ana ka mzere kofiira ka pansi pa mawu olakwika kokha. Mawu olowetsedwawo ndi enieni ndithu ndiye palibe chofiira chomwe chingaoneke, chiganizo chikumveka bwinobwino koma tanthauzo lapita kwina. Werengani meseji yonse musanatumize makamaka mayina a anthu ndi masiku.

Yatumizidwa kale? Pa WhatsApp idineni mokhalitsa musankhe Edit, koma mphindi 15 zikadutsa sizithekanso, mungotumiza ina yokonza.