Akakutumizirani ekisireyi yojambula pafoni

Mayi kumudzi akhala akutsokomola kwa milungu ingapo, ndipo kuchipatala awajambula pachifuwa. Madzulo mng'ono wanu wakutumizirani chithunzi cha filimuyo pa WhatsApp kuti muonetseko dokotala kuno. Dokotala wayang'ana n'kupukusa mutu: "Apa sindinganenepo kanthu." Musaganize kuti akukana dala.

Filimu ya ekisireyi imaoneka bwino kuwala kukamachokera kumbuyo kwake. Koma mng'ono wanuyo anangoiyala pabedi n'kuyatsa fulashi, pakati pa phapo n'kutuluka chibanga choyera mbee. Vuto lake n'lakuti phapo labwino limaoneka lakuda poti muli mpweya, pamene malo odwala ndi amene amayera. Choncho kunyezimira kwa fulashi kungaoneke ngati chibayo, kapena kuphimba chibayo chenichenicho.

Kudula m'mbali nakonso kumataya zambiri. Chifuwa chachikulu chimakonda kugwira kumtunda kwa mapapo, cha m'mapewamu, pamene madzi amadikha m'ngodya zam'munsi. Wojambula akangolunjika pakati, malo awiri onsewa atsala kunja. Pakona pa filimu pamakhalanso chilembo L kapena R, chosonyeza kumanzere kapena kumanja kwa wodwala. Chikadulidwa, filimuyo n'kukhala yotembenuzidwa, mtima umaoneka ngati uli kumanja, ndipo dokotala angaloze phapo lolakwika.

Muuzeni mng'ono wanu ajambulenso chonchi. Ngati pali kompyuta, atsegule tsamba loyera lopanda mawu, aonjezere kuwala mpaka kumapeto, asanjike filimu pagalasipo n'kuzimitsa magetsi m'chipindamo. Ikasowa, windo masana limathandiza, bola kumbuyo kwake kusaoneke mitengo kapena zitsulo zotchingira mbava. Fulashi azimitse, diso la kamera alipukute. Foni iyang'anizane ndi filimu mosapendekeka, zigongono atsamire patebulo, ndiyeno agogode pakati pa chithunzi kuti chioneke bwinobwino asanajambule. Choyamba chikhale cha filimu yonse, dzina ndi deti zikuoneka. Zapafupi zibwere pambuyo, posendeza foni osati kukulitsa ndi zala. Ngati ndi fupa lomwe akuti lathyoka, atumize mafilimu onse awiri, yakutsogolo ndi yam'mbali, chifukwa mng'alu wina umaoneka mbali imodzi yokha.

Potumiza asankhe Document, chifukwa njira ya masiku onse ija imachepetsa chithunzi n'kufufuta timizere ting'onoting'ono. Chikafika, chikulitseni: ngati m'mphepete mwa nthiti mukuoneka mbuu ngati utsi, dzanja linanjenjemera, abwereze.

Ngakhale chitatuluka bwino chotani, dokotala angaonepo zazikulu zokha, monga fupa lothyokeratu kapena madzi ambiri m'chifuwa. Sangakutsimikizireni kuti mulibe kachotupa kakang'ono. N'chifukwa chake ndi bwino kupemphanso lipoti lolembedwa ndi amene anaona filimu yeniyeniyo. Ngati chipatalacho chimajambula ndi makina a kompyuta, apemphe kuti awaikire pa sidi mafayilo a DICOM, omwe ndi zithunzi zenizeni zochokera m'makinawo, poti amenewo dokotala amatha kuwawalitsa kapena kuwadetsa yekha.