Kulembanso mawu kuti agwirizane ndi nthawi ya vidiyo yophunzitsira yopanda mawu

"Ndili ndi vidiyo yophunzitsira yopanda mawu, koma zomwe ndalemba zikutalika kuposa zithunzi. Ndizikonze bwanji osadula vidiyo?"

Zofunika: vidiyoyo, zolemba zanu zakale, ndi wotchi yowerenga masekondi.

1. Onerani vidiyo, muzilemba sekondi yomwe chochitika chilichonse chikuyambira ndi kuthera. Mwachitsanzo, kutsegula fayilo: 0:12 mpaka 0:20, masekondi 8.

2. Yezani liwiro lanu. Werengani mokweza kwa masekondi 30 ngati mukuphunzitsa munthu, kenako werengani kuchuluka kwa mawu omwe mwanena. Ngati ndi 60, ndiye mawu awiri pa sekondi. Musabwereke chiwerengero cha chinenero china, chifukwa mawu a Chichewa monga "mukachitsegula" ndi aatali.

3. Pagawo lililonse chotsani sekondi imodzi yopumira. Pa masekondi 8 atsala 7, choncho mawu asapitirire 14.

4. Dulani ziganizo. Ambiri amalakwitsa pano: m'malo mochepetsa mawu amayankhula mothamanga, wophunzira n'kusokonezeka. Chotsani zomwe maso akuona kale. "Tsopano monga mukuonera, tipita pamwamba kumanzere n'kudina File" ingokhala "Dinani File, pamwamba kumanzere." Chosungadi ndi chifukwa chochitira chinthucho, poti chithunzi sichingachinene.

5. Dzina la batani limveke pang'ono chabe kudina kusanachitike. Likabwera pambuyo, woonera amakhala ataphonya kale.

6. Jambulani gawo ndi gawo vidiyo ikuyenda. Ngati chiganizo chalowa m'chithunzi chotsatira, bwererani ku 4. Pomwe mawu athera msanga, pasiyeni pali chete.