Chilakolako cha Mandasi Madzulo

Ambiri timadziimba mlandu kuti tilibe mtima wodziletsa tikapezeka tamaliza mandasi anayi nthawi ya 4 koloko. Koma kawirikawiri vuto limakhala litayambira m'mawa, kapenanso usiku wathawo.

Ukagona maola ochepa, thupi limachulukitsa ghrelin, homoni yodzutsa njala, ndipo leptin, yomwe imakuuza kuti wakhuta, imachepa. Ndiye uwonjezerepo kuti kadzutsa unangomwa tiyi wa shuga, masana sunadye, abwana akukalipira. Pofika madzulo, fungo la chiwaya pamsewu limakukoka ngati chingwe.

Ine ndimadzifunsa funso limodzi: kodi atandipatsa mbatata yophika, ndingadye? Ngati inde, ndi njala yeniyeni, ndidye chakudya chokhalitsa m'mimba. Ngati mtima ukungofuna tchipisi kapena zotsekemera basi, ndiye kuti ndi nkhawa kapena kutopa. Njala yotereyi imabwera mwadzidzidzi, ndipo ukadya sukhutira, umangotsala ndi manyazi.

Zikatero ndimamwa madzi n'kuyenda pang'ono kwa mphindi 15, nthawi zambiri chilakolakocho chimazirala. Masiku ano ndimanyamula mtedza wokazinga m'chikwama, ndipo pobwerera kunyumba ndimadzera njira ina yopanda chiwaya.