Mukapeza dothi lofewa mu ngalande ya fawundeshoni, chitani chonchi

Tinali pa sayiti ina ku Lilongwe, anyamata atamaliza kukumba ngalande zonse mpaka mita imodzi, katondo wolimba bwinobwino, foromani akuti mawa tithire konkire basi. Ine ndili ndi chizolowezi choyenda mu ngalande ndi chitsulo cha Y12, chija chonenepa mamilimita 12, kumabaya pansi phazi lililonse. Pa katondo wabwino chimangolowa pang'ono nkukana. Nditafika pakona ya kuchipinda chinangoti lobo! pafupifupi theka la mita, osakankha nkomwe.

Choyamba imitsani za konkire, musamve za "bwana simenti yafika kale". Kenako onani mtundu wa dothilo. Lathu linali lakuda, lonyowa, muli makala, mapale ndi timapulasitiki, ndiye kuti linali dzala lakale. Pena chimakhala chimbudzi chokwiriridwa, chitsa chowola kapena mphanga za chiswe pomwe panali chulu. Bayani uku ndi uku mudziwe pomwe kufewako kwathera, lembani ndi layimu.

Tsopano apa ndi pomwe ndinapsa nditangoyamba ntchito. Ndinakumbitsa pang'ono, pansi pakaoneka ngati pauma, ndinabwezeramo dothi lomwelo nkutsindira ndi chipika. Mvula yoyamba itangodutsa khoma linang'aluka kuchokera pakona ya windo kutsika mopendekera, mng'alu wolowa chala, ndipo nkhope ya mwini nyumba uja sindidzaiwala. Ndiye kumbani mpaka piki iyambe kudunda komanso mtundu ufanane ndi wa ngalande yonse, mubayenso ndi chitsulo chija, maso okha amanama. Pansi pake pakhale pa levulo, m'mbali mudule ngati masitepe, osati motsetsereka ngati beseni chifukwa konkire imafunika pokhala. Dzenje likapitirira m'chiuno tchingani m'mbali ndi matabwa, dothi la dzala limagumuka osachenjeza.

Dzenje lathu la ku Lilongwe lija linatuluka mamita 1.5 mulitali, 0.7 mulifupi, kuya kowonjezera 0.8. Tinadzaza ndi konkire ya 1:3:6, matumba awiri a simenti, mawilibala atatu a mchenga, 6 a kwale, kawiri konse, matumba anayi. Simenti yakwera mtengo inde, koma matumba anayi ndi kugumula khoma nzosiyana. Mchenga samalani, ena amalole amabweretsa wa kudambo wodzadza matope nkumati ngwa kumtsinje, ufinyeni m'manja, ukaumbika nkudetsa chikhatho ubwezeni.

Pamwamba pake tinayala zitsulo za Y12 zopitirira mita imodzi mbali zonse ziwiri kuti futing'i, konkire ya mu ngalande yomwe khoma limakhalapo, idumphe malowo ngati mlatho. Muyeze zitsulozo pogula, pali mahadiweya ena amakupatsani zowonda dzina lokha Y12.

Ngati chinali chiswe thirani mankhwala. Jambulani, lembani m'buku la pa sayiti, mawa lake thirani futing'i monga mwa nthawi zonse. Kufewako kukatenga khoma lonse imeneyo si ya matumba anayi ayi, ibwerere kwa amene anajambula fawundeshoni.