Kiki ndi besi zikamalimbana mu hausi, yambani mwaona mchira wa kiki

Mnyamata wina adanditumizira biti yake ya hausi usiku akudandaula kuti pa mahedifoni imamveka bho koma akaiika pa sipika zazikulu pansi ponse pamangoti phwaa, kiki siikugunda pachifuwa besi nayo ikungolira ngati jenereta ya aneba. Anali ataika kale makompuresa atatu. Ndinamuuza kuti achotse onsewo kaye, chifukwa vuto linali loti kiki ndi besi zimayankhula nthawi imodzi pamalo amodzi, ndipo kompuresa siingakonze manoti oikidwa polakwika.

Tiyeni tigwire biti ya 124 BPM, poti hausi yambiri imayenda pakati pa 120 ndi 128. Kiki imagunda kanayi mu bala iliyonse, pa sitepe 1, 5, 9 ndi 13 mwa masitepe 16 a bala imodzi. Kuchoka pa kiki imodzi kufika pa inzake pali 484 ms, mumangogawa `60000 / 124` basi. Ndiye kuti sitepe imodzi ndi 121 ms, ndipo pakatikati penipeni pa makiki awiri, pamene pamalira hati yotsegula ija ya tsi tsi, ndi pa 242 ms. Nambala imeneyi muisunge.

Kiki ili ndi mutu ndi mchira. Mutu ndi kaphokoso ka tha koyambirira kaja, mchira ndi kulira kwa pansi kuja kwa duuu, komwe pa makiki ambiri a mtundu wa TR-909 kumakakhazikika cha m'ma 50 mpaka 60 Hz. Tsoka lake ndi loti besi yanu imakhalanso konko, noti ya A yapansi ndi 55 Hz, G ndi 49 Hz. Ndiye tsegulani sampo ya kiki yanu muione ndi maso kuti ndi yaitali bwanji. Ya mnyamata uja inali pafupifupi 400 ms, kutanthauza kuti mchira umadutsa pa 242 paja nkukatsala pang'ono kupeza kiki yotsatira, besi ikanakhala pati? Tinaidula kufika cha pa 200 ms. Mu FL Studio mutha kupotokola `OUT` pa sampoyo kuti izizimirira msanga, musaidule mwadzidzidzi ngati ndi chikwanje ayi chifukwa pamatsala kaphokoso ka tiki kumapeto.

Apa pali chisankho chomwe ambiri amachithawa. Pansi penipeni mwini wake akhale mmodzi. Ngati mwaikonda kiki ya mchira wautali, besi ikhale yaifupi ndipo ikwereko pang'ono. Ngati mukufuna besi yonenepa ya sabu, kiki ifupike. Zonse ziwiri zonenepa sizitheka, atambala awiri salira m'khola limodzi.

Tsopano manoti. Tili mu A maina. Poyamba ikani A yekhayekha pa sitepe 3, 7, 11 ndi 15, muisiye izungulire kwa mphindi ingapo ndi kiki yokha, opanda makodi opanda mawu. Imamveka yachibwana eti, dum-ba dum-ba, koma mutu ukayamba kugwedezeka wokha ndiye kuti maziko alipo. Kenako muziwonjezera noti imodzi imodzi:

```
K  x...x...x...x...
B  ..A...AA..A...CG
```

A wowonjezera wa pa sitepe 8 uja amakankhira thupi ku kiki yachitatu, ndipo C ndi G a kumapeto amakubwezerani koyambira. Manoti a pa 8 ndi 16 muwatsitseko mphamvu pang'ono kuti asamveke ngati akupikisana ndi kiki yomwe ikubwera.

Koma nkhani yaikulu, yomwe ine ndimaiona kuti ndi imene imasiyanitsa besi yovina ndi besi yongolira, ndi pomwe noti ikuthera osati pomwe yayambira. Noti ya pa sitepe 3 yayamba pa 242 ms, kiki ina ikubwera pa 484. Mukaikoka mu `Piano roll` kuti idzaze masitepe awiri onse, kuphatikizapo kuchedwa kuzima kwa sinthi, imalowa m'mutu mwa kiki ndipo kiki imafooka. Ipatseni sitepe imodzi ndi theka, cha m'ma 180 ms, ithere pafupi ndi 420, mutsale ndi kampata kachete ka 60 ms. Kachete kameneko nkamene kamapangitsa kiki kumveka ngati yakula pomwe simunakweze voliyumu. Manoti a pa 8 ndi 16 ndiye muwafupikitse zedi asafike ngakhale sitepe yathunthu, ndipo riliizi ya sinthi, kuchedwa kuzima kuja, ikhale yaifupi, koma osati ziro chifukwa idzayamba kuthetheka.

Muyesenso izi, tengani noti yomweyo muitalikitse pang'ono kenako muifupikitse biti ikusewera. Mumva kuti kavinidwe kakusintha pomwe manoti ndi omwewo. Ine nthawi zina ndimatha theka la ola pa zimenezi zokha mpaka nsima kuzizira.

Nanga saidicheni, yomwe imatsitsa besi kiki ikagunda? Imafunika mukafuna noti yaitali yodutsa pa kiki, kapena yoyambira limodzi ndi kiki, monga zimakhalira mu dipu hausi. Pa mikisa sankhani tiraki ya kiki, dinani kumanja kamuvi ka pansi pa tiraki ya besi nkusankha `Sidechain to this track`, ikani Fruity Limiter pa besi, pitani ku `COMP` nkusankha kiki pa `SIDECHAIN`. `RATIO` yambirani pa 4:1, `ATT` ikhale yachangu kwambiri, tsitsani `THRES` mpaka mumve besi ikugwada kiki ikagunda. Pomwe anthu amaphonya ndi pa `REL`. Yambirani cha m'ma 120 ms, yomwe ndi sitepe imodzi pa tempo yathuyi, cholinga nchoti pofika pa 242 besi ikhale yadzuka yonse. Ikatalika kwambiri noti ya pakati ija imatuluka yofooka ngati yadwala, ikafupika kwambiri besi imadzuka mchira wa kiki usanathe ndipo mumamva kukhadzula. Mukasintha tempo muwerengenso, musamangokopera zomwe munaika pa biti ina.

Pali vuto lina lobisika. Mchira wa kiki ukakhala pa 55 Hz besi nkuliza G wa 49 Hz pamwamba pake, mafunde awiriwa amakwera ndi kutsika kasanu ndi kamodzi pa sekondi, kusiyana kwa manambala awiriwo, ndipo mumamva wuwuwu wosakhazikika. Ngakhale zitakhala pa noti imodzi zimatha kufafanizana, funde lina likukankha sipika kutsogolo linzake likuikoka kumbuyo. Chizindikiro chake nchosavuta, kiki payokha ndi yamphamvu, besi payokha ndi yamphamvu, mukaziphatikiza pansi pamachepa m'malo mokula. Yesani kutembenuza polarite ya besi mumve mbali yomwe ikunenepa. Ngati kiki ina ikumveka yolimba ina yofewa pomwe sampo ndi imodzi, ndiye kuti sinthi ikuyamba funde lake pamalo osiyanasiyana pa noti iliyonse, yatsani `Retrig` kapena chofanana nacho, kapena jambulani besiyo ikhale odiyo.

Poyesa zonsezi ikani fiuta pa masita yodula chilichonse choposa 150 Hz mumvere pansi pokha, mu mono. Muyenera kumva dum ndi ba mosiyana ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi, musi wina ukutsika wina ukukwera. Zikamveka ngati chinthu chimodzi chongolira, bwererani ku utali wa manoti musanagwire kompuresa.

Ndipo poti ambiri adzamvera pa foni, yomwe 55 Hz siitulutsa nkomwe, onjezerani kadisitoshoni pang'ono pa besi kuti ibereke 110 ndi 165 Hz ndi ena okwera kuposa apo, kapena ikani sinthi ina iziimba manoti omwewo okitevu imodzi pamwamba mutaidula pansi pake. Manoti ake athere pomwe pakuthera a sabu, apo ayi kampata ka 60 ms kaja katsekedwanso.