Momwe mungachitire dzina la munthu wamba likapezeka m'chikalata chachinsinsi

Tiyerekeze kuti wina wakupatsirani mwamseri lipoti la ofufuza zachuma pakampani ina. Lipotilo likuti mkulu wa kampaniyo ankasolola ndalama, ndipo patsamba 14 pali dzina la mayi wina amene akaunti yake yakubanki inalandirako ndalamazo kawiri. Mayiyo alibe udindo uliwonse, sanamangidwepo, ndipo palibe mlandu umene amutsegulira. Dzina lake mutani nalo?

Yambani ndi mafunso awiri amene atolankhani ambiri amawaphatikiza. Loyamba, chikalatacho n'chenicheni? Lachiwiri, zimene chikunena za mayiyu n'zoona? Munthu wina wodziwa za lipotilo, osati amene wakupatsaniyo, angakutsimikizireni loyambalo. Koma lipoti lenileni limathanso kulakwitsa. Mwina ndi kope loyambirira limene linakonzedwa pambuyo pake, mwina ndalamazo zinali malipiro a katundu amene mayiyo anagulitsadi, mwinanso akaunti inatsegulidwa m'dzina lake iye osadziwa. Werengani mneni amene ali pafupi ndi dzinalo. "Analandira" si "anaba", ndipo "tikuganiza kuti" si "tapeza kuti".

Kenako lembani nkhaniyo popanda dzina lake, m'malo mwake muikemo "munthu wina amene si wogwira ntchito pakampaniyo". Iwerengeni. Ngati owerenga akumvabe kuti mkuluyo anachita chiyani ndipo ndalama zinayenda bwanji, ndiye kuti dzinalo silikugwira ntchito iliyonse, lisiyeni. Lingafunike pokhapokha ngati munthuyo ndiye phata la nkhani, mwachitsanzo mutapeza umboni wanuwanu, wosadalira lipotilo, woti ndi mkazi wa mkuluyo ndipo ankasainira nawo ndalamazo. Chidwi cha anthu chofuna kudziwa kuti ndi ndani si chifukwa chokwanira.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho loya aione nkhaniyo isanatuluke. Ku Britain, mu 2022, khoti lalikulu kwambiri linagamula pamlandu wa kampani yofalitsa nkhani ya Bloomberg ndi munthu amene khoti linkangomutchula kuti ZXC kuti munthu amene akufufuzidwa koma sanatsegulidwe mlandu, kawirikawiri ali ndi ufulu woti zimenezo zisaululidwe. Nkhani ya Bloomberg inachokera m'kalata yachinsinsi ya ofufuza milandu, ndipo kampaniyo inauzidwa kulipira mapaundi 25,000. Mlanduwo sunali woti Bloomberg inanama. Unali woti inaulula zachinsinsi.

Kaya mumutchula kapena ayi, ngati angazindikirike, mufunseni mbali yake. Muuzeni mwatchutchutchu zimene mukufuna kulemba: masiku amene ndalama zinalowa, kuchuluka kwake ndi tsiku limene nkhani ituluke. Munthu wamba alibe mneneri kapena loya wodikira foni, ndiye kumupatsa ola limodzi n'kungomunamiza. Masiku awiri ndi poyambira pabwino. Lankhulani ndi iye mwini, osati abwana ake kapena achibale, chifukwa mukatero mwaulula kale nkhaniyo kwa anthu amene amamudziwa. Musamutumizire chikalatacho. Makope ena amakhala ndi nambala kapena chizindikiro choonetsa amene anapatsidwa, ndipo mungagwiritse amene anakutsinani khutu. Akakana kuyankha, lembani kuti sanayankhe, osati kuti "wathawa mafunso".

Pamene ambiri amapunthwa ndi pobisa dzinalo. Kuchotsa dzina n'kusiya "mayi wazaka 52, mphunzitsi wopuma amene amakhala moyandikana ndi mkuluyo" n'chimodzimodzi kumutchula. Mfundo iliyonse payokha ikuoneka yosavulaza, koma zitatuzo zikakumana zikuloza munthu mmodzi yekha. Perekani nkhaniyo kwa mnzanu amene sanaone lipotilo, ayese kumupeza pa intaneti kwa mphindi 15. Akamupeza, chotsaninso zina.

Ngati mukufuna kusindikiza chikalata chenichenicho, dziwani kuti kujambula bokosi lakuda pamwamba pa mawu mu PDF sikufufuta mawuwo, amatsalira pansi pake. Mu 2019 maloya a Paul Manafort, yemwe anali mkulu wa kampeni ya Donald Trump, anapereka kukhoti ku America chikalata chobisidwa motero, ndipo atolankhani anangokopera mawuwo n'kuwamata pena, zonse zinaoneka. Njira yodalirika ndi kuphimba dzinalo, kusindikiza tsambalo papepala, kenako kulijambulanso kuti likhale fayilo yatsopano. Mukatero yesani lamulo la pakompyuta ili, limene limafufuza dzinalo m'mawu a m'fayilo:

```
pdftotext lipoti.pdf - | grep -i "dzina"
```

Pamene palembedwa dzina ikanipo dzina la mayiyo, ndipo pamene palembedwa lipoti.pdf ikanipo dzina la fayilo yatsopanoyo. Pakatuluka mzere uliwonse, dzinalo likadalimo. Koma lamuloli siliwerenga chithunzi, choncho pitaninso ndi maso tsamba ndi tsamba. Dzina limabisala m'munsi mwa tsamba, m'ndandanda wa zamkati, m'siginecha ndi m'zowonjezera zakumapeto, ndipo nambala ya akaunti iyenera kuphimbidwanso.

Pomaliza, mkonzi alembe mwachidule zimene mwagwirizana, chifukwa chake ndi tsiku lake. Mayiyo akadzatsegulidwa mlandu, mudzaunikenso ngati dzinalo lingatchulidwe. Ngati munamutchula ndipo ofufuza apeza kuti alibe mlandu, konzani nkhani yakaleyo pamalo pomwe ili pa intaneti ndi pamutu wake pomwe, chifukwa ndi imene imatuluka wina akafufuza dzina lake.