Kupeza njira zachidule pakati pa malo onse: tsegulani malo odutsirapo amodziamodzi

Amene mumakonza maulendo a galimoto yonyamula katundu, ndi inu ophunzira zolemba mapologalamu a kompyuta, funso ili mumakumana nalo: pali malo angapo ndi misewu yowalumikiza, ndipo mukufuna kudziwa njira yachidule kuchoka pa malo aliwonse kupita kwina kulikonse. Ndondomeko imene ndikufuna muigwire bwino imadziwika ndi dzina loti Floyd-Warshall. Robert Floyd anaifalitsa m'chaka cha 1962, chaka chomwe Stephen Warshall anatulutsa ina yofanana nayo, ngakhale Bernard Roy anali atalemba kale zonga zomwezo mu 1959.

Nzeru yake yagona pa chinthu chimodzi. Poyamba simulola ulendo kudutsira pena paliponse, mumangowerengera misewu yolunjika. Kenako mumalola kudutsira pa malo 1 okha. Mukatha mumawonjezera malo 2, kenako malo 3, mpaka onse atsegulidwa. Nthawi iliyonse mukatsegula malo atsopano, amene tiwatche `k`, mumafunsa funso limodzi pa ulendo uliwonse wochoka pa `i` kupita pa `j`: kodi kupita kaye pa `k`, kenako kuchoka pa `k` kukafika pa `j`, kukufupikitsa ulendo kuposa zimene ndalemba kale? Ngati eya, fufutani nambala yakale, lembani yatsopano.

Izi zimatheka chifukwa njira yachidule sidutsa malo amodzi kawiri. Ngati idutsa pa `k`, ndiye kuti ili ndi zigawo ziwiri, chofika pa `k` ndi chochoka pa `k`, ndipo zigawo zonsezo zimangodutsira malo amene munatsegula kale. Mayankho ake ali kale m'tebulo lanu, inu mungowaphatikiza.

Tiyeni tiyese ndi malo anayi. Manambala ndi mphindi za ulendo, ndipo misewu yake ndi yolowera mbali imodzi. Kuchoka pa 1 kupita pa 2 ndi mphindi 4, pa 1 kupita pa 4 ndi 12, pa 2 kupita pa 3 ndi 3, pa 3 kupita pa 1 ndi 9, pa 3 kupita pa 4 ndi 2, pa 4 kupita pa 1 ndi 5, ndipo pa 4 kupita pa 2 ndi 11. Jambulani tebulo. Mzere wopingasa ndi kumene mukuchokera, wotsika ndi kumene mukupita. Pamene palibe msewu wolunjika ikani chizindikiro ∞, choimira nambala yopanda malire, ndipo kuchoka pa malo kupita pomwepo ikani 0.

```
      1   2   3   4
1     0   4   ∞  12
2     ∞   0   3   ∞
3     9   ∞   0   2
4     5  11   ∞   0
```

Tsegulani malo 1. Ikani chala chimodzi pa mzere wotsika wa 1, china pa mzere wopingasa wa 1, chifukwa manambala onse ophatikiza achokera m'mizere iwiriyi, ndipo mizereyo siisintha pa gawo lino. Kuchoka pa 3 kupita pa 2 kunalibe njira, koma tsopano 9 + 4 = 13. Kuchoka pa 4 kupita pa 2 tinalemba 11, koma kudzera pa 1 ndi 5 + 4 = 9, choncho 11 uja wafufutidwa. Kwina konse sikusintha.

Tsegulaninso malo 2. Pa 1 kupita pa 3 tapeza 4 + 3 = 7. Pa 4 kupita pa 3 tapeza 9 + 3 = 12. Imani pang'ono pa 9 ameneyu. Si msewu wolunjika ayi, ndi uja tamupeza posachedwapa podzera pa 1. Ndiye kuti 12 wathu akuimira ulendo wa 4, 1, 2, 3, ngakhale ife tangophatikiza manambala awiri okha. Umu ndi momwe njira zazitali zimakulira m'tebulomu popanda inu kuzilondola ndi maso.

Malo 3 akatseguka, pa 1 kupita pa 4 patsika kuchoka pa 12 kufika pa 7 + 2 = 9, pa 2 kupita pa 1 papezeka 3 + 9 = 12, ndipo pa 2 kupita pa 4 papezeka 3 + 2 = 5. Pomaliza malo 4 akonza timabokosi titatu: pa 2 kupita pa 1 ndi 5 + 5 = 10, pa 3 kupita pa 1 ndi 2 + 5 = 7, pa 3 kupita pa 2 ndi 2 + 9 = 11.

```
      1   2   3   4
1     0   4   7   9
2    10   0   3   5
3     7  11   0   2
4     5   9  12   0
```

Musalikhulupirire tebulo musanayese kabokosi kamodzi pamanja. Tengani 11 uja: pa 3 kupita pa 4 ndi 2, pa 4 kupita pa 1 ndi 5, pa 1 kupita pa 2 ndi 4. Zakwana 11.

Pa kompyuta, m'chilankhulo cha Python, ntchito yonseyi ndi mizere isanu, pomwe `n` ndi chiwerengero cha malo ndipo `d` ndi tebulo lathu:

```python
for k in range(n):
    for i in range(n):
        for j in range(n):
            if d[i][k] + d[k][j] < d[i][j]:
                d[i][j] = d[i][k] + d[k][j]
```

Apa ndi pamene ndikupemphani mutchere khutu, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. Mzere wa `k` uyenera kukhala pamwamba pa inzake iwiri. Mukauika pansi, pologalamu iyenda bwinobwino osadandaula, koma mayankho ena akhala olakwika. Pa chitsanzo chathu, kompyuta ikafika pa kabokosi ka 2 kupita pa 1 ipeza 12 podzera pa 3. Ikayesa kudzera pa 4 ipeza kuti ulendo wa 2 kupita pa 4 udakali ∞, popeza sinauwerengere, ndipo sibwereranso pa kabokosi kameneka. Isiya 12 pomwe yankho loona ndi 10. Cholakwika chotere n'chobisika kwambiri, ndiye sungani chitsanzo ichi ngati muyeso: mukaona 12 pamenepo, dziwani kuti mizere mwaisemphanitsa.

Samalaninso ndi ∞. Mu Python lembani `float('inf')`. Mu Java, mukaika nambala yaikulu kwambiri ya `int`, imene ndi 2147483647, n'kuiphatikiza ndi ina, imasefukira n'kusanduka yochepera 0, ndipo kompyuta iganiza kuti yapeza njira yachidule pomwe palibe msewu. Muziyamba mwaona ngati zigawo zonse ziwiri zilipodi musanaphatikize.

Manambala ochepera 0 ndondomekoyi imawalandira, monga pamene mukuwerengera ndalama ndipo msewu wina umakupatsani phindu. Chimene siilandira ndi njira yozungulira imene manambala ake onse pamodzi achepera 0. Msewu wa 4 kupita pa 1 utakhala -10, kuzungulira 1, 2, 3, 4 n'kubwerera pa 1 kungapereke 4 + 3 + 2 - 10 = -1, ndipo mukamazungulirabe nambala imangotsikiratsikira. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukamaliza, yang'anani timabokosi tija munaikamo 0. Kamodzi kokha kakatsika pansi pa 0, mayankho a maulendo okhudza malo amenewo musawagwiritse ntchito.

Za kukula kwa ntchito, funso lija limafunsidwa `n × n × n`. Malo anayi ndi ka 64, malo 100 ndi ka 1,000,000, zomwe kompyuta siimva kulemera. Koma malo 1,000 afika ka 1,000,000,000. Ngati malo ndi ochuluka choncho, misewu yake ndi yochepa, ndipo palibe nambala yochepera 0, ndondomeko ina yotchedwa Dijkstra, imene imapeza njira zachidule zochokera pa malo amodzi, ikuthandizani msanga mukaiyendetsa kuchokera pa malo aliwonse.

Tebulo lathu limangonena mphindi, silinena kodzera. Woyendetsa galimoto afuna kudziwa kokhotera, choncho sungani tebulo lachiwiri, `nxt`, losonyeza malo oyamba kupitako. Pamene pali msewu wolunjika yambani ndi `nxt[i][j] = j`, ndipo nthawi iliyonse mukafufuta nambala lembaninso `nxt[i][j] = nxt[i][k]`. Pa ulendo wa 3 kupita pa 2 likuuzani 4, mukafunsa za 4 kupita pa 2 likuuzani 1, ndipo za 1 kupita pa 2 likuuzani 2.